Chimfine cha mtauni muno: n'kuzizira chabe kapena fuluwenza yafika?

Chiperoni chikangoyamba mu Juni, m'magulu a pa Watsapu mumadzaza nkhani imodzi. Wina akuti nyumba yonse yagona, wina akuti ana theka sanabwere kusukulu, wina akufunsa ngati ndi korona yabweranso. Ndiye pamapezeka wina woyankha mwachidule kuti ndi nyengo basi, imwani madzi a mandimu. Ine ndikuona kuti yankho limeneli ndi lachidule mopitirira, chifukwa kwathu kuno fuluwenza siyendera kuzizira kokha, ndipo amene amadziwa kuti yafika ndi a kulabotale, osati ife a m'magulu.

Tiyambe ndi dzina. M'Chichewa tonse timangoti chimfine, koma muli matenda awiri m'mawu amodziwa. Chimfine wamba chimabwera pang'onopang'ono: mamina, kuyetsemula, kukhosi kokanda, koma munthu umapitabe kugeni. Fuluwenza imagwetsa mwadzidzidzi. M'mawa unali bwinobwino, madzulo thupi latentha, mutu ukuwawa, m'mafupa muli phwanyephwanye, ndipo chifuwa chouma chayamba. Kutentha kumatha pakapita masiku angapo, koma chifuwacho chimatha kukhala milungu iwiri kapena kuposa. Vuto lathu n'lakuti zizindikirozi zimafanana kwambiri ndi malungo, moti ambiri amathamangira LA ndi amokisilini asanayezetse. Mankhwala onse awiriwa sagwira kachilombo ka fuluwenza ngakhale pang'ono.

Kachilomboka kamayenda m'timadontho tomwe timatuluka munthu akatsokomola, akayetsemula, ngakhale akamalankhula. Kamayendanso m'manja, munthu akagwira pamene pagwera timadonthoto kenako n'kudzigwira mphuno kapena m'maso. Ukakatenga, pamapita masiku ngati awiri usanadwale, nthawi zina tsiku limodzi, nthawi zina anayi. Choopsa n'chakuti umatha kuyamba kupatsira ena tsiku limodzi usanadzimve kudwala. N'chifukwa chake m'hositelo ya sukulu yogonera komweko kapena m'nyumba ya chipinda chimodzi, mukamazindikira woyamba, wachiwiri ndi wachitatu amakhala atatenga kale.

Nanga nyengo imalowa pati? Kumayiko ozizira nkhani yake ndi yosavuta. Ku Ulaya fuluwenza imabuka m'miyezi yozizira ya kumeneko, pakati pa Disembala ndi Malichi. Ku Joni imabuka nthawi yachisanu, kawirikawiri kuyambira Meyi mpaka Ogasiti. Mpweya wozizira ndi wouma umathandiza kachilomboka kukhalitsa, ndipo anthu amatseka mawindo n'kudzazana m'nyumba. Koma kumayiko otentha zinthu sizitsata kalendala imodzi. Ku Senegal imabuka m'nyengo ya mvula. Ku Kenya imapezeka pafupifupi chaka chonse. Akatswiri anaona kuti m'madera otentha ambiri matendawa amakwera pamene kuli chinyezi ndi mvula yambiri, ndipo chimodzi mwa zifukwa zomwe amaganizira n'chakuti mvula nayonso imatiunjika m'nyumba ngati mmene chimachitira chisanu.

Ife a ku Malawi tili ndi nyengo zonse ziwirizi. Tili ndi dzinja lotentha ndi lachinyezi, pamene m'minibasi mawindo onse amatsekedwa kuopa mvula. Tilinso ndi chisanu cha Juni ndi Julayi, pamene mawindo omwewo amatsekedwa kuopa mphepo. Ku chipatala cha Gulupu ku Blantyre, ofufuza a Malawi-Liverpool-Wellcome anayamba mu 2011 kuyeza odwala matenda aakulu a m'chifuwa, ndipo anapeza fuluwenza m'miyezi yosiyanasiyana, ya mvula yomwe, osati yozizira yokha ayi. Anapezanso kuti akuluakulu omwe ali ndi HIV ndiwo amadwala nayo kwambiri. Ndiye munthu akagwa ndi kutentha thupi ndi chifuwa mu Febuluwale, malungo atayezedwa osapezeka, tisamafulumire kunena kuti makina anama. Ikhoza kukhala fuluwenza.

Tsono azaumoyo amadziwa bwanji kuti yafika? Sayeza aliyense wotsokomola, ndalama zake sizingapezeke. Amasankha zipatala zochepa zokhala ngati alonda, ndipo m'zipatala zimenezo amatsata muyezo umodzi wa bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO. Muyezowu uli ndi magulu awiri. Loyamba ndi la munthu wotentha thupi kufika madigiri 38 kapena kuposa, yemwe akutsokomola, ndipo matendawo anayamba m'masiku 10 apitawa. Lachiwiri ndi la munthu wa zizindikiro zomwezo koma wodwala mpaka kugonekedwa. Gulu loyamba limasonyeza mmene matenda akufalikira, lachiwiri limasonyeza kuopsa kwake.

Mwa anthu amenewa amasankhapo ena n'kuwalowetsa kathonje m'mphuno kapena kukhosi, kofanana ndi kaja ka nthawi ya korona. Kathonjeko amakaika m'kabotolo ka madzi osungira kachilombo, n'kukasunga pozizira madigiri 2 mpaka 8, ndipo kamayenera kufika kulabotale pasanathe masiku atatu, apo ayi kaumitsidwe mufiriji yozizira kwambiri. Kumeneko makina a PCR amanena ngati muli fuluwenza, ngati ndi ya mtundu wa A kapena B, ndipo ikakhala A, ngati ndi H1N1 kapena H3N2.

Tiyeni tiyerekeze ndi manambala ongopeka, kuti muone mmene amawerengera. Chipatala china chikutenga mathonje 5 patsiku kwa masiku 5, ndiye 25 pamlungu. Mlungu woyamba apezeka nayo anthu 2, omwe ndi 8 pa 100 alionse. Mlungu wachiwiri apezeka 3, ndiye 12 pa 100. Apa wina akhoza kulemba kale kuti fuluwenza yakwera, koma taonani: kusiyana kwake ndi munthu mmodzi yekha. Pa mathonje 25, munthu mmodzi amasuntha chiwerengero ndi 4, choncho mlungu umodzi sunena kanthu. Mlungu wachitatu apezeka 7, ndiye 28 pa 100. Wachinayi apezeka 10, ndiye 40 pa 100. Apa tsono nkhani yasintha. Chiwerengero chakwera milungu yotsatizana, ndipo chikadutsa malire omwe anaikidwa poona zaka zam'mbuyo, azaumoyo amanena kuti nyengo ya fuluwenza yayamba. Akaonanso kuti ogonekedwa akuchuluka ndipo ambiri ali ndi mtundu umodzi, amadziwa kuti m'mawodi mufunika mpweya wa okisijeni ndi mabedi owonjezera.

Tsopano tembenuzani chitsanzocho. Anthu otsokomola pamzere achuluka kawiri, koma pa mathonje 25 opezeka nayo akadali 2 mlungu ndi mlungu. Zikatero tauni ikudwaladi, koma si fuluwenza. Akhoza kukhala korona, kachilombo kena ka m'chifuwa kokonda makanda, kapena fumbi ndi utsi wa mbaula. Apa m'pamene mzere wa pachipatala ndi zithunzi za pa Fesibuku zimalephera: zimaonetsa kuchuluka kwa odwala, koma sizinena chomwe chawadwalitsa.

Njirayi ili ndi malire ake, ndipo ndi bwino kuwadziwa musanakhulupirire nambala iliyonse. Imaona okhawo amene afika pa zipatala zosankhidwazo. Amene wagula panado pa okala n'kukagona kunyumba sawerengedwa. Munthu akabwera mochedwa, patadutsa mlungu, kachilombo kamakhala katachepa m'mphuno ndipo zotsatira zimatha kunena kuti mulibe. Magetsi akathima firiji n'kutentha, kapena galimoto yonyamula mabotolo ikachedwa, zomwezo zimachitika. Ndiye mukaona chiwerengero chagwa mwadzidzidzi kufika ziro pamene m'mawodi mukadali modzaza, funso loyamba likhale lakuti mathonje angati anayezedwa mlungu umenewo. Ziro pa mathonje 3 si nkhani yabwino, ndi umboni woti kuyeza kunaima.

Mliri wa malo amodzi, monga pasukulu, kundende kapena m'mudzi, sudikira zipatala za alonda zija. Umagwidwa ndi malipoti a mlungu ndi mlungu ochokera m'zipatala zonse, komanso alangizi a zaumoyo a m'madera, omwe amadziwitsa ofesi ya zaumoyo ya boma, uthenga n'kukafika ku bungwe la PHIM ku Lilongwe. Kuchedwa apa kumapha. Mu 2002 ku Madagascar, fuluwenza ya H3N2 inabuka m'midzi yakutali ndi zipatala ndipo inapha anthu oposa 700, ambiri mwa iwo ana aang'ono ndi okalamba. Sikanali kachilombo kachilendo. Kanangopeza anthu osowa zakudya, okhala kutali ndi thandizo.

Timabotolo tija ulendo wake suthera pano. Mayiko amatumiza zotsatira ku WHO, ndipo tina timapita kumalabotale akuluakulu monga a ku Atlanta, London ndi Melbourne, mundondomeko yomwe inayamba mu 1952. Kachilombo ka fuluwenza kamasintha pang'onopang'ono chaka ndi chaka, n'chifukwa chake munthu amadwalanso ngakhale anadwala chaka chatha. Choncho WHO imasankha zoika m'katemera kawiri pachaka: mu Febuluwale ya mayiko a kumpoto, mu Sepitembala ya mayiko a kumwera. Dziko lotentha liyenera kusankha lokha katemera woyenera ndi mwezi wobayira, ndipo silingasankhe bwino ngati silidziwa miyezi imene matendawa amakwera kwawo. Kukopera kalendala ya ku Joni kungatichititse kufika mochedwa ngati fuluwenza yathu yayamba m'dzinja. Kwa ine ichi ndiye chifukwa chachikulu chofunira kuti manambala a mlungu ndi mlungu azilengezedwa poyera, ngati mmene tinkaonera a kolera ndi korona.

Pakali pano, chomwe chili m'manja mwathu n'kudziwa nthawi yosiya mandimu n'kuthamanga. Thupi likatentha, yezetsani malungo kaye. Akapanda kupezeka ndipo muli ndi chifuwa, pumulani kunyumba, imwani madzi ambiri, ndipo musakagone chipinda chimodzi ndi agogo kapena khanda ngati pali pothawira. Koma mwana akamapuma mothamanga, werengani kwa mphindi imodzi ali phee: kupuma ka 50 kapena kuposa kwa wa miyezi 2 mpaka 11, ka 40 kapena kuposa kwa wa chaka chimodzi mpaka zaka 5, n'chizindikiro cha chibayo. Chimodzimodzi nthiti zikamalowa mkati, mwana akakana kuyamwa, kapena wamkulu akamabanika. Mayi woyembekezera, wokalamba, ndi munthu amene ali ndi HIV, shuga, mphumu kapena matenda a mtima asadikire kuti aone mawa. Chenjeraninso ndi kutentha thupi komwe kunatha kenako kwabwerera mwamphamvu patapita masiku ochepa, chifukwa nthawi zambiri ndi chibayo chomwe chalowera pa fuluwenza, ndipo pamenepo m'pamene adokotala amaperekadi maantibayotiki.