Tisapemphe mtengo wotsika, tipemphe masiku seveni

Ife amene tili na tuntemba ku Chawama, ku Kanyama na ku Mtendere tidziwa bwino ulendo wa ku Kamwala. Tikwela basi m'mawa, ndalama zili m'thumba la mkati, tioda shuga, saladi na sopo, tilipila zonse pamenepo, wa wilibala atinyamulila katundu. Tisanachoke, ambili a ife timakamba mawu amodzimodzi: "Ba bosi, tichotseleniko pang'ono." Mwini holoselo aseka, nthawi zina achotsa K20, ndipo tipita okondwa monga tawina.

Ife tiona kuti pamenepo tipempha chinthu cholakwika. Munthu amene oda yake ikali yaing'ono afunika kukambilana za tsiku lolipila, osati za mtengo.

Tiyambe taona mmene wa holoselo aonela zinthu. Pa belo ya shuga olo pa bokosi ya sopo amapezapo phindu lochepa, ndipo amadyela pa kuchuluka kwa katundu amene watuluka. Akachotsa mtengo, ndalama imeneyo yapita, siidzabwela. Koma akatiyembekeza wiki imodzi, ndalama yake ibwela yonse, ndipo wagulitsa katundu wambili kuposa amene tikanagula na kashi. Chimene aopa ni chimodzi chabe: kuti tidzasowa, foni izayamba kukana, ndipo mawa azationa tioda pa shopu ina. Kukambilana konse kuli pa kuchotsa mantha amenewo.

Tiyelekeze kantemba kamene kaoda katundu wa K3,000 pa Chiwili paliponse. Pofika pa Chiwelu shuga na saladi zasila, ndipo pa Sondo na pa Mande makasitomala abwelela chimanjamanja. Kantemba aka kakanagulitsa katundu wa K4,000, koma kapito ni K3,000 chabe. Pempho loyenela apa ni ili: "Ba bosi, kwa miyezi itatu naoda kuno wiki iliyonse, malisiti ni awa. Lelo nilipile K3,000, nitenge katundu wa K4,000. K1,000 yotsala nizabweletsa pa Chiwili, nisanatenge oda ina."

Pempho ili lili na nambala, lili na tsiku, ndipo lili na umboni. Mwini holoselo aona kuti pa makwacha anayi alionse, atatu ali kale m'manja mwake. Tikalakwa, ataya K1,000, osati oda yonse. Kumupempha masiku 30 pa katundu yense monga ndise supamaketi ni kumupatsa chifukwa chokanila.

Manje tiwelenge zimene tipezapo. Tinene kuti katundu wa K1,000 timagulitsa K1,150. Ndiye kuti nkhongole iyi itipatsa K150 pa wiki, K600 pa mawiki anayi. Tikasunga phindu limeneli osalidya, pakatha mawiki seveni tili na K1,050, ndipo oda ya K4,000 tingailipile tekha. K20 ija imene timakondwela nayo ingatenge pafupifupi chaka kuti ifike pamenepo. Ndipo tonse tidziwa kuti K1,000 imodzimodziyo tikaitenga kwa akaloba, chiwongoladzanja chingadye gawo lalikulu la phindu, olo lonse.

Umboni uja sumabwela wokha. Tifunika kusankha holoselo imodzi na kuodako tsiku limodzimodzi wiki iliyonse, olo oda ichepe bwanji, na kusunga lisiti iliyonse. Tikalipila pa foni, mauthenga a malipilo tisafafanize. Tifunikanso kukamba na munthu woyenela. Mnyamata wa pa kauntala alibe mphamvu yopatsa nkhongole, ndipo akatipatsa mwamseli, tsiku limene azachoka nchito nkhani izatigwela ife. Tikambe na mwini shopu olo manijala, nthawi imene mzele wachepa, osati m'mawa pamene aliyense akuwa. Akavomela, tipemphe kuti alembe pa lisiti ndalama yotsala na tsiku lolipila, ndipo tikalipila asaine kuti yasila.

Ena pakati pathu amakana zonsezi. Amati nkhongole ni ukapolo, ndipo ukamangika ku holoselo imodzi sungathe kuyenda kukafuna mtengo wotsika. Ali na mfundo, ndipo pali misampha itatu imene ionetsa kuti sanama.

Woyamba ni mtengo wa nkhongole. Wa holoselo angavomele, koma n'kukweza katundu wa K1,000 uja kufika K1,050. K50 imveka yaing'ono, koma ni gawo limodzi mwa magawo atatu a phindu la K150, pa masiku seveni chabe. Ndiye tifunse mtengo wa kashi choyamba, pambuyo pake tikambe za tsiku. Ndipo kamodzi pa mwezi tizungulukeko mashopu ena kuona mitengo. Ngati katundu wa K4,000 apezeka kwina pa K3,800, tilikutaya K200 kuti tipeze K150, ndipo nkhongole imeneyo siitithandiza.

Wachiwili ni katundu wosayenda. Nthawi zina wa holoselo avomela mwamsanga chifukwa afuna kuchotsa mabisiketi amene akhalitsa olo mafuta odzola amene palibe awagula. Nkhongole ya masiku seveni iyenela katundu amene asila m'masiku seveni. Chizindikilo n'chosavuta: ngati pa tsiku lolipila hafu ya katundu wa nkhongole ikali pa shelufu, tatenga katundu wolakwika olo tatenga wambili.

Wachitatu ndiye amene agwetsa ambili, ndipo uli mu komboni mwathu. Amai a pafupi atenga pamela na saladi kuti azalipila kumapeto kwa mwezi, amalume atenga shuga, ndipo timachita manyazi kukana. Koma ife tilipila pa Chiwili, iwo alipila akafola. Tikatelo ndiye kuti takongoletsa ndalama ya munthu wina kwa masiku ambili kuposa amene anatipatsa. Njila yake ni kupatula K1,000 ya holoselo poyamba: kuyambila pa Chitatu tiika pambali K200 tsiku lililonse, pofika pa Sondo yakwana. Ndalama imeneyo si ya lenti, si ya chilimba, ndipo si ya maliro a kumudzi.

Nanga wiki ikavuta? Imavuta ndithu: mvula igwa, munthu adwala, malonda aima. Cholakwa chachikulu ni kuzima foni. Tikaona pa Mande kuti tili na K700 chabe, titume foni tsiku lomwelo, tinene zoona, tipeleke K700 pa Chiwili, ndipo titchule tsiku la K300 yotsala. Wiki imeneyo tiode na kashi chabe. Wa holoselo angaiwale kuchedwa kwa masiku atatu, koma saiwala munthu amene anabisala, ndipo ogulitsa a mumsewu umodzi amakambilana.

Akakana pempho loyamba, tisakwiye. Tifunse kuti afuna aone chani kuti azavomele, olo tichepetse pempho kufika pa K500. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Tikalipila pa tsiku lake kwa miyezi iwili, pamenepo tingapemphe masiku 14 olo K1,500, chimodzi pa nthawi imodzi. Oda yathu ikazakula mpaka mwini holoselo ayambe kutitumila foni tikachedwa kubwela, nkhani ya mtengo izakambika mosavuta. Pakali pano, pa Chiwili likubwelali tinyamule malisiti.