Chiphaso cha voti chimaguga, ndipo dzina limasowa m'kaundula

M'midzi ya ku Tsangano ndi ku Makanga muli anthu amene amasunga chiphaso cha voti m'chikwama cha pulasitiki pansi pa mphasa, naganiza kuti nkhani ya kalembera inatha kalekale. Kusamala kwake nkwabwino ndithu, koma kuno ku Mozambiki kaundula wa ovota sakhala wamuyaya ai. Zisankho zikamayandikira pa zaka zisanu zilizonse, bungwe la STAE, lomwe limagwira ntchito pansi pa CNE, limalemba anthu mwatsopano. Chiphaso cha 2019 sichinalowetse munthu m'kaundula wa chisankho cha pa 9 Okutobala 2024.

Chomwe chinali chosokoneza ulendo umenewo ndi ichi. Mu 2023 kalembera anachitika m'maboma okhawo amene ali ndi tauni yosankha meya wake. Ku Angoniya analemba chifukwa cha Ulongwe, ndipo olembetsa chaka chimenecho sanafunikenso kubwerera mu 2024. Ku Tsangano ndi ku Makanga kulibe tauni yotero, choncho aliyense anayenera kukaima pamzere pakati pa 15 Malichi ndi 28 Epulo 2024. Munthu womvera mlamu wake wa ku Ulongwe akuti "ife zathu zija zikugwirabe ntchito" akanadzigwetsa yekha m'mbuna, ngakhale mlamuyo sananame.

Pamalo olembera, kawirikawiri pasukulu, pamakhala alembi atatu ndi makina ojambula nkhope ndi kudinda zala. Wolembetsa ayenera kukhala nzika ya Mozambiki yokwanitsa zaka 18 pofika tsiku lovota, osati tsiku lolembetsa. Kotero mnyamata wobadwa mu Ogasiti 2006 anali woyenera kulembedwa mu Epulo 2024 ali ndi zaka 17. Chiphaso cha unzika ndicho chimafupikitsa nkhani. Wopanda chiphaso chilichonse sabwezedwa: anthu awiri amene alembetsa kale pamalo omwewo angathe kumuikira umboni, kapenanso mfumu ya m'deralo. Kuno kumalire, kumene ena anabadwira ku Ntcheu kapena ku Dedza makolo awo atathawa nkhondo yomwe inatha mu 1992, umboni umenewu si nkhani yamasewera. Wochitira umboni mlendo wa ku Malawi chifukwa ndi mkamwini wake wolimbika pa munda wa kachewere akupalamula mlandu, monganso wolembetsa kawiri.

Tsono mbali yomwe ambiri amainyozera imabwera kalembera atatsekedwa. Kaundula amamuika poyera pamalo pomwe panalembedwera anthu, kwa masiku ochepa osakwana sabata. Nthawi yake imagundana ndi yokolola chimanga ndi yosankha fodya, ndiye pasukulupo pamangoti zii.

Tiyerekeze mayi wa ku Ntengo-wa-Mbalame, wa mfunda wa Mwale. Mlembi amene anazolowera Chipwitikizi walemba Muale, monga momwe Nkhoma amasandukira Ncoma. Zimenezo pazokha sizipha voti, malinga zolembedwa pa chiphaso chake zikufanana ndi za m'kaundula. Mayiyu akapita kukaona, ayambe ndi nambala yomwe ili pa chiphaso cha voti, aifune m'kaundula, kenaka aone ngati dzina lomwe lili pa nambalayo ndi lake. Ngati sadziwa kuwerenga atenge mwana wa sukulu. Akapeza kuti nambala ilipo koma dzina ndi la wina, kapena kuti iye mulibemo, adandaule pomwepo kwa akalembera, ndipo dandaulolo lilembedwe papepala. Kungouzidwa pakamwa kuti "tikonza, mayi, pitani" sikusiya umboni uliwonse. Yankho likapanda kumukhutiritsa, nkhaniyo imapita kwa akuluakulu a chisankho a paboma.

Chifukwa chake nchakuti pa tsiku lovota, chomwe chili ndi mphamvu ndi kaundula. Munthu amene chiphaso chake chinadyedwa ndi chiswe koma dzina lake lilimo angathe kuvota atasonyeza chiphaso china chokhala ndi chithunzi, monga cha unzika. Koma wonyamula chiphaso cha voti chatsopano, dzina lake mulibe, amakumana ndi ogwira ntchito amene alibe mphamvu yoonjezera dzina tsiku limenelo, ngakhale mfumu itabwera ndi ndodo yake.

Palinso za malo. Munthu amavota kumene analembetsa. Wa ku Chidzolomondo amene analembetsa ku Furankungo ali pa ganyu ya fodya, ayenera kukonzeka kuyenda ulendo womwewo pa tsiku lovota. Kusamutsa dzina kumatheka pokhapokha kalembera ali mkati, ndipo wosamukayo amapita ndi chiphaso chake kwa alembi a kumene akukhala tsopano.