Mapointi 24 asanduka bwanji 14?

Zotsatira za mayeso a MSCE zikatuluka, timamva zodabwitsa pabwalo la tchalitchi. Mnyamata amene wapeza mapointi 24 akafunsidwa amayankha kuti wapeza 14, pakuti pa mayesowa mapointi ochepa ndiwo apamwamba. Sanabe kanthu, sanamenye munthu. Nanga wanamiranji?

Buku la Ntchito za Atumwi, mutu 4 ndi 5, likutiunikira. Barnabasi adagulitsa munda napereka ndalama zake kwa Atumwi. Ananiya ndi Safira adagulitsanso wawo nabisako ndalama zina, koma adadzionetsa ngati apereka zonse. Petulo adakumbutsa Ananiya kuti mundawo ndi ndalamazo zinali zake, panalibe womukakamiza. Iwo ankafuna ulemu wa Barnabasi popanda nsembe ya Barnabasi.

Ifenso timakokomeza chifukwa choopa kuti choona chathu n'chochepa, ndipo anzathu atinyoza. Koma bodza laling'ono limabala. Maina a osankhidwa kupita ku yunivesite akatuluka, amalume adzafunsa chifukwa chimene mwana wa mapointi 14 watsalira. Pofuna kudziteteza, mnyamatayo adzanena kuti pachitika katangale, ndipo potero adzanamizira anthu osalakwa. Amalume aja, amene akadamlipirira kuti alembenso mayeso, sadzadziwa kuti thandizo likufunika.

Abale ndi alongo, tisanawonjezere kanthu pa nkhani yathu sabata ino, tidzifunse: kodi tikuopa maso a yani? Amene angatithandize ayenera kudziwa pamene taima penipeni.