Maniti 2,000 pa katoni, koma pa msika wa Mponela foni yachita mdima

Tsiku lina mwezi wa Okutobala, cha m'ma 12 koloko masana, ndinali ndi msuweni wanga pa siteji ya Mponela, m'mbali mwa msewu wa M1. Amafuna kutumiza ndalama kwa mayi ake ku Ntchisi. Anatulutsa foni yake yatsopano, ija anadzimana miyezi ingapo kuti agule, n'kuyamba kusinzinira. Anaitchinga ndi dzanja, kenako ndi chipewa, koma nambala yosaoneka. "Aise, pa katoni paja analemba maniti 2,000, ndiye ali kuti?" Anamaliza kutumiza titalowa pakhonde la golosale ina, ndipo ndinamukakamiza kuwerenga nambalayo kawiri, chifukwa panja paja 3 ndi 8 zimangofanana.

Katoni ija sinaname, koma inanena mbali imodzi yokha ya nkhani.

Niti ndi muyeso wa kuwala kumene sikirini imaponya m'maso mwanu. Pa mapepala a foni mudzaona alemba `nits`. Chosokoneza n'chakuti foni imodzi imakhala ndi manambala a maniti angapo, ndipo otsatsa amakonda lalikulu. Pali kuwala kumene mumapeza mukakoka nokha kamzere ka kuwala mpaka kumapeto. Pali kwina kokulirapo kumene foni imayatsa yokha ikazindikira kuti ili padzuwa, kumene amalemba kuti `HBM`. Ndiye pali nambala ya pamwamba penipeni, `peak brightness`, ndipo iyi ndi imene imalembedwa ndi zilembo zikuluzikulu.

Nambala yomalizayi saiyeza sikirini yonse itayera ayi. Amayatsa kachigawo kakang'ono chabe, kwina konse kuli kwakuda, kwa kanthawi kochepa, nthawi zambiri poonetsa kanema wa mtundu wa HDR. Pa sikirini za OLED kadontho kalikonse kamawala pakokha, koma magetsi oti tigawane ali ndi malire. Zili ngati mpope umodzi wa madzi: mukatsegula pamodzi madzi amathamanga, mukatsegula paliponse amangodontha. Ndiye kanyenyezi ka m'filimu kakhoza kufikadi pa 2,000, koma tsamba loyera la uthenga wa Mpamba kapena Airtel Money, limene ladzadza sikirini yonse, silifikako.

Makampani ena amalemba okha kusiyanaku. Foni ya OnePlus 12, imene inafika pa misika ya kunja kwa China kumayambiriro kwa 2024, inatchuka ndi maniti 4,500, pomwe kampani yomweyo inalemba 1,600 pa `HBM`. Apple pa iPhone 15 inalemba manambala atatu: 1,000 pa ntchito wamba, 1,600 pa HDR, ndi 2,000 panja. Kwa munthu woima pa Mponela masana, nambala ya `HBM` ndiyo ikunena zoona zambiri.

Koma ngakhale imeneyo si mathero, ndipo apa ndi pamene ine ndimaona kuti anthu ambiri timaphonya. Chimene chimakulepheretsani kuwerenga padzuwa si kuchepa kwa kuwala kokha. Ndi galasi la foni limene limasanduka kalilole. Galasi wamba limabweza pafupifupi magawo 4 pa 100 aliwonse a kuwala kogwera pa ilo. M'nyumba zimenezi n'zosaoneka. Panja, dzuwa lili paliwombo, ndi nkhani ina.

Tiyeni tiwerengere za msuweni wanga uja. Anavala shati yoyera, ndipo nsalu yoyera yowombedwa ndi dzuwa la masana imatha kuwala mpaka cha m'ma maniti 20,000. Atawerama kuyang'ana foni, galasi limabweza shati yakeyo m'maso mwake. Magawo 4 pa 100 a 20,000 ndi maniti 800. Tiyerekeze kuti sikirini yake, itayera yonse, imatulutsa 600. Kuwala kobwezedwa kuja sikusankha malo, kumagwera poyera ndi pakuda pomwe. Poyera pakhala 600 kuwonjezera 800, ndiye 1,400. Chilembo chakuda, chimene chimayenera kukhala bii, chili pa 800. Tsamba likuposa chilembo mosafika n'kawiri komwe. N'chifukwa chake 3 ndi 8 zinafanana.

Akanakhala ndi foni yowala kawiri, ya 1,200, poyera pakanakhala 2,000, chilembo chikadali pa 800. Ndi kawiri ndi theka basi. Zikanasinthako, koma osati monga mtengo wa foniyo ukanasinthira.

Tsopano onani zimene khonde la golosale linachita kwaulere. Pamthunzi, zimene galasi limabweza ndi denga ndi khoma losawombedwa ndi dzuwa, tinene zowala maniti 1,000. Magawo 4 pa 100 ake ndi 40. Poyera pali 640, chilembo chili pa 40. Tsamba likuposa chilembo ka 16. Foni ndi yomweyo, maniti ndi omwewo, tangosuntha mapazi asanu.

Opanga mafoni amadziwa zimenezi. Samsung Galaxy S24 Ultra ya 2024 inabwera ndi galasi la Corning lotchedwa Gorilla Armor, limene eni ake amati limachepetsa kubweza kwa kuwala ndi magawo ofika 75 pa 100. Mu chiwerengero chathu chija, 800 atatsika kufika pa 200, sikirini ya 600 yomweyo ikanapereka 800 poyera ndi 200 pachilembo. Kanayi. Kuposa kuwirikiza maniti. Inde, mtengo wa foni imeneyo si wa ambirife, koma ikutiphunzitsa pamene pagona vuto. Ndipo ife timachita zosemphana: timagula kagalasi kotchingira kotchipa n'kumata pamwamba, kakayamba kukalika ndi kudzaza mafuta a zala, kamamwaza kuwala kwa dzuwa ponseponse. Kaja kobisa kuti wokhala naye pafupi mu minibasi asaone zimene mukulemba ndiye kamadya kuwala kwa sikirini kwambiri. Ine ndinakachotsa patatha sabata imodzi.

Pali zinanso ziwiri zimene zimaba maniti mwakachetechete. Pa mafoni ambiri `HBM` imayaka pokhapokha mwatsegula `Adaptive brightness` kapena `Auto-brightness`. Ambiri timazimitsa poganiza kuti tikusunga batire, n'kumakoka kamzere tokha, osadziwa kuti tadzitsekera kuwala kwa padzuwa. Kadiso koyeza kuwalako kali chakumtunda kwa sikirini, ndipo kakaphimbika ndi fumbi kapena kagalasi komata mopotoka, foni imayesa muli m'nyumba. Chinacho ndi kutentha. Sikirini yowala kwambiri imatentha, dzuwa nalo likuiwotcha, ndipo foni ikafika pamalire imadzichepetsera kuwala kuti isawonongeke. Mudzazindikira mosavuta: poyamba zimaoneka bwino, patapita mphindi zingapo kwada, kamzere kakadali kumapeto, kumsana kwa foni kuli moto. Anyamata a kabaza omangirira foni pa handulo tsiku lonse amazidziwa bwino.

Mukamagula, funsani wogulitsa akuloleni kutuluka nayo pakhomo la shopu. Tsegulani `Adaptive brightness`, zimitsani `Battery saver`, ndipo musayese ndi chithunzi chokongola cha pa sikirini chija. Tsegulani uthenga wa zilembo zakuda pa tsamba loyera, muime padzuwa mphindi zisanu, muone ngati ikuyamba kuzirala. Ngati wogulitsa akukana, yang'anani nambala ya `HBM` pa pepala, ndipo ngati alemba `peak brightness` yokha, muitenge ngati simunauzidwe kanthu za padzuwa.

Msuweni wanga sanasinthe foni. Tinapeza kuti `Auto-brightness` anaizimitsa tsiku lomwe anagula. Anaitsegula, n'kusintha kagalasi kokalika kaja. Pano amawerenga ali panja, ngakhale potumiza ndalama amapitabe pakhonde.