Mphindi khumi padoko, ola limodzi pansi pa mtengo

Mlangizi wa zaumoyo akafika ku Kachulu, m'mbali mwa nyanja ya Chilwa, amabwera ndi uthenga umodzi wa kolera. Padoko amapeza asodzi akulonga katundu m'maboti, ndipo amamupatsa mphindi khumi basi. Madzulo amfumu ndi komiti ya padoko amamupatsa ola lathunthu.

Ambiri amalakwitsa apa: amatenga zonse za ola limodzi n'kuziyankhula mothamanga. Msodzi amagwedeza mutu, maso ali kunyanja. Mukamufunsa kuti akachita chiyani akafika ku chimbowera chake, amangoti, "Ukhondo, achimwene." Mwamva yankho limenelo, dziwani kuti uthenga sunalowe.

Ine ndimaona kuti mawu afupiwo ayenera kukonzedwa poyamba, ndipo achokere pa funso limodzi: munthuyu akachite chiyani ndi manja ake? Asodzi a m'zimbowera amakhala pamadzi masabata ambiri, akumwa madzi omwewo amene amadzithandiziramo, m'nyanja yopanda mtsinje wotulutsa madzi. Choncho zinthu ziwiri zikukwana. Mphindi zinayi zipite ku madzi akumwa: kachivindikiro kamodzi ka Wotagadi m'chigubu cha malita 20, tiwiri ngati madzi ndi amatope monga amakhalira a Chilwa, kenako kudikira mphindi 30. Zina zinayi zipite kwa wodwala: paketi imodzi ya Thanzi mu lita imodzi ya madzi othira mankhwala, azimwa ali m'boti pa ulendo wa kuchipatala, osadikira kuti kuche. Ziwiri zotsalazo, msodzi mmodzi abwereze yekha anzake akumva. Dzina la kachilombo ndi mbiri ya matendawa zitsale m'chikwama.

Ola limodzi lili ndi msampha wakenso, woti munthu azingozungulira pa mfundo zomwezo. Mfundo zikhale ziwiri zomwe zija, koma nthawi yowonjezerayo ipite kwa omvera. Chigubu chibwere pakati pa bwalo, mayi wogulitsa matemba athire yekha mankhwala. Wina asungunule Thanzi, amve kuti wotsala amatayidwa pakatha maola 24. Apa m'pamene zifukwa zimapeza malo, komanso madandaulo enieni: fungo la kolorini, kapena boti loti linyamule wodwala usiku ndi amene alipire mafuta ake. Mafunso otere sangayankhidwe padoko, ndipo ndi komiti yokha ingawamange mfundo. Theka la olalo mlangizi azimvetsera.

Mu 2016, katemera wa kolera atafika pa Chilwa, asodzi a m'zimbowera ankamwa woyamba pamaso pa azaumoyo, wachiwiri n'kupatsidwa kuti akamwe okha patatha masabata awiri. Ngati munthu angadaliridwe kunyamula katemera wake kupita naye pakati pa nyanja, mfundo ziwiri zomveka bwino angathe kuzisunga. Alangizi athu, musanapite ku doko, yesani kaye mawu anuwo ndi wotchi m'manja.