Gasi akatha kachiwiri, filiji ibwerere kusitolo

Wamalonda wa ku Matandani m'boma la Neno akagula filiji yatsopano ku Blantyre, amadalira kuti mafilizesi ndi zakumwa zozizira zibweza ndalama yake. Filijiyo ikasiya kuziziritsa patangotha miyezi iwiri, eni sitolo amatumiza wokonza, ndipo iye amangoti gasi watha n'kuthiramo wina. Vutolo likabweranso, wamalonda asavomere kuthirira gasi kachitatu. Apemphe filiji ina, ndipo apemphe polemba.

Chifukwa chake chili m'mapangidwe a filiji. Gasi wa m'filiji samatha ngati mafuta a galimoto. Amangozungulira m'timapaipi totsekedwa kumene, ndipo filiji yabwino imagwira ntchito zaka zambiri osawonjezeredwa gasi. Akachepa, ndiye kuti pena pake paboola. Kuthira wina osatseka pobookapo n'chimodzimodzi kutungira madzi m'ndowa yodontha.

Ngati pabooka kunja, pomwe mapaipi alumikizana ndi kompulesa, wokonza amatha kupaona, chifukwa pamakhala timafuta kapena pamachita thovu akapakapo madzi a sopo. Akawotcherera bwino, nkhani yatha. Koma m'mafiliji ozama aja otsegula pamwamba, mapaipi oziziritsa anakwiriridwa mkati mwa makoma. Akabooka mmenemo, sangafikiridwe popanda kung'amba filijiyo. Zizindikiro zake wamalonda angathe kuziona yekha: kompulesa imangolira osapuma, madzi oundana amagwira mbali imodzi yokha ya khoma, ndipo pakapita masabata angapo chithirireni gasi, mafilizesi amayambanso kusungunuka.

Nayi masamu yake. Mwachitsanzo, mayi wina wagula filiji mu Januwale ndi walanti ya miyezi 12, ndipo amapeza phindu la K5,000 patsiku. Yafa mu Malichi, yafanso mu Meyi, kenako mu Ogasiti. Ulendo uliwonse filiji ikumakhala masiku 14 osagwira ntchito, ndiye kuti K70,000 yapita. Maulendo atatu ndi K210,000, osawerengera ndalama yonyamulira filiji kutsika nayo mapiri a Neno, kudzera pa Zalewa mpaka ku Blantyre. Choopsa kwambiri n'chakuti miyezi ya walanti ikutha. Ikadzafa kachinayi mu Febuluwale wa chaka chinacho, eni sitolo adzangoti nthawi yawo inatha.

Lamulo lili kumbali ya wogula. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza ogula la 2003, komanso lamulo latsopano la mpikisano ndi chilungamo pa malonda la 2024, lomwe linalowa m'malo mwa la 1998. Bungwe la CFTC, lomwe limayang'anira lamulo la mpikisanoli, lakhala likuchenjeza kuti wogulitsa sangathawe udindo pa katundu wowonongeka polemba pakhoma kapena palisiti kuti katundu wogulidwa sabwezedwa.

Komabe lamulo limafuna umboni. Wamalonda asunge lisiti ndi kapepala ka walanti pouma, alembe nambala ya filiji yomwe ili pakachikwangwani kakumbuyo, ndipo nthawi iliyonse wokonza akabwera, alembe tsiku, vuto lomwe wapeza ndi zomwe wachita, kenako asayine. Mapepala awiri onena kuti anathira gasi ndiwo amatsimikiza kuti kukonza kwalephera. Kalata yopita kwa mkulu wa sitolo ikhale yaifupi: tsiku logula, masiku omwe filiji inafa, pempho la filiji ina kapena kubwezeredwa ndalama, ndi tsiku lomaliza loyembekezera yankho. Akakana kapena akangoti zii, dandaulo lipite ku CFTC, ndipo bungwe loimira ogula la Cama nalonso limathandiza.

Eni sitolo nawo ali ndi mfundo zawo, ndipo zina n'zomveka. Ngati chomwe chikupsa mobwerezabwereza ndi kompulesa, adzanena kuti vuto ndi magetsi othimathima kapena ochepa mphamvu, ndipo filiji yatsopano ingadzapsenso chimodzimodzi ngati palibe kachipangizo koteteza filiji pasoketi. Wokanda madzi oundana ndi mpeni n'kuboola paipi alibenso poyambira. Chimodzimodzi amene waitana wokonza wa pamsika kuti atsegule filiji walanti isanathe: mawalanti ambiri amafera pomwepo, ngakhale kuti Blantyre ndi kutali ndipo wokonzayo ali pafupi.

Komanso walanti zina zimasiyanitsa katundu wa pakhomo ndi wa bizinesi. Nkhani imeneyi ndi yofunika kufunsa pogula pomwe, ndipo yankho lilembedwe palisiti.

Kukonza koyamba n'koyenera kuvomera, chifukwa chipangizo chilichonse chikhoza kuvuta. Vuto lomwelo likabwerera, wamalonda alembe kalata sabata yomweyo walanti ikadali ndi miyezi, ndipo akapatsidwa filiji ina, aonetsetse kuti nambala yake yatsopano ndi tsiku loilandira zalembedwa papepala.