Lekani kutiuza kuti tiziponya mbedza paliponse

Pali langizo limene lafala pakati pa achinyamata a kuno kwa Magodi ndi ku boma la Lundazi amene ayamba kufuna maganyu a pa intaneti. Amati ukalowa pa Upwork uzifunsira ntchito iliyonse imene waiona, uyambe ndi zotchipa, dzina likamveka ndalama zidzabwera zokha. Ife tikukana langizo limeneli. Linali la nzeru nthawi imene kufunsira ntchito kunali kwaulere, koma nthawiyo inatha mu 2019. Amene akuliphunzitsabe lero akudyetsa anzawo ndalama za feteleza.

Tiyambe ndi mtengo wa kufunsira. Pa Upwork kalata iliyonse yofunsira ntchito imalipiridwa ndi timakobiri totchedwa Connects. Kale munthu ankalandira 60 aulere mwezi uliwonse. Mu 2019 kampaniyo inayamba kugulitsa, kamodzi masenti 15 a dola. Ntchito iliyonse imalembedwa chiwerengero cha Connects chimene ikufuna, ndipo masiku ano si zachilendo kuona ntchito yofuna 10 kapena kuposa. Mwini ntchito akaifafaniza asanalembe munthu, amakubwezerani. Koma akangoisiya mpaka nthawi yake itatha, kapena akalemba wina, zanu zapita. Zili ngati kulipira ngolo yonyamula soya kupita kumsika: mwini ngolo amatenga yake, kaya mwagulitsa kaya mwabwerera nayo.

Munthu amene walipira ngolo amayamba wafunsa ngati kumsikako kuli ogula. Nanga n'chifukwa chiyani pa intaneti timaponya ndalama osafunsa? Zofunika kudziwa zili poyera pa tsamba la ntchitoyo. Pamalembedwa chiwerengero cha amene afunsira kale, monga `Less than 5` kapena `20 to 50`. Pamalembedwa `hire rate`, kutanthauza kuti mwa ntchito zonse zimene munthuyo analengezapo ndi zingati zimene analembadi munthu. Pamalembedwanso ngati njira yake yolipirira inatsimikizidwa, `Payment method verified`, ndi nthawi imene anayang'anako komaliza, `Last viewed by client`. Zinthu zinayi zimenezi zimanena zambiri kuposa mtengo umene walembedwa pamwamba.

Tiwerengere limodzi ntchito ziwiri zongoyerekeza. Yoyamba ndi yokopera maina ndi manambala kuika m'ndandanda, malipiro madola 20, ikufuna Connects 12, ndiye kuti dola imodzi ndi masenti 80. Afunsira anthu pakati pa 20 ndi 50, titenge 25. Mwini wake amalemba munthu pa theka la ntchito zimene amalengeza. Tikati nonse 25 ndinu ofanana, mwayi wanu ndi umodzi pa 25, ndipo tikaugawa pakati chifukwa cha khalidwe la mwini ntchito, watsala umodzi pa 50. Kuti mupate ntchito imodzi ya mtundu umenewu muyenera kufunsira maulendo 50, kuwononga madola 90. Kampani ikachotsa gawo lake, tinene magawo 10 pa 100, mwatsala ndi madola 18. Mwalipira 90 kuti mulandire 18, ndipo sitinawerengere bandulo ya intaneti kapena ya kutchaja laputopu.

Yachiwiri ndi yomvetsera mawu ojambulidwa a alimi olankhula Chinyanja ndi Chitumbuka, n'kuwalemba ndi kuwamasulira m'Chingelezi. Malipiro ndi madola 150, ikufuna Connects 14, ndiye kuti madola awiri ndi masenti 10. Afunsira ndi ochepera asanu, inu ndinu wachisanu. Mwini wake amalemba munthu pa ntchito 8 mwa 10 zilizonse. Mwayi wanu ndi pafupifupi umodzi pa 6. Kufunsira kasanu ndi kamodzi kukudya madola 12 ndi masenti 60, ndipo kampani ikachotsa gawo lake mwalandira madola 135. Mwatsala ndi oposa 120. Ntchito imene inkaoneka yodula kufunsira ndi imene ili yotchipa, ndipo ija ya "oyamba kumene" ndi dzenje.

Kuwerengera kumeneku n'kokomera ntchito yoyamba, chifukwa tanena kuti anthu 25 aja ndi ofanana. Safanana. Mwini ntchito salandira makalata monga mwa nthawi imene anafikira. Makina a kampani amawasanja, ena amawaika chizindikiro cha `Best match`, ndipo pamwamba penipeni pali malo ochepa amene amagulitsidwa ngati pa okushoni: wopereka Connects ochuluka ndiye amakhalapo. Munthu wotanganidwa sawerenga makalata 40. Amawerenga oyambirira n'kusankha. Wa ku Magodi amene alibe mbiri, akalowa mu okushoni imeneyi, akupikisana ndi munthu amene amapata madola mazana pa sabata, amene kwa iye Connects 30 ndi mtengo wa kapu ya tiyi. Kukweza kalata pa ntchito ya madola 20 n'kuwonjezera ndalama pa malonda oluza kale.

Tsopano tifike pa chimene aphunzitsi a "yambani ndi zotchipa" amadalira kwambiri, chiwerengero cha mbiri chotchedwa Job Success Score. Iwo amati ntchito zing'onozing'ono zimamanga mbiri. Kampaniyo inafotokoza yokha maziko a chiwerengerochi: ntchito zimene zinatha bwino, kuchotsapo zimene zinatha moipa, kugawa ndi zonse pamodzi. Pali zina zimene amawonjezera, koma maziko okhawo akutiphunzitsa kanthu. Munthu wa ntchito 40, imodzi ikaipa, ali pa 39 kuchotsa imodzi kugawa ndi 40, ndiye kuti 95 pa 100. Munthu wa ntchito zisanu, imodzi ikaipa, ali pa zinayi kuchotsa imodzi kugawa ndi zisanu, ndiye kuti 60 pa 100. Cholakwa n'chimodzimodzi, koma wina wangokandika pamene mnzake wathyoka mwendo. Ndipo chizindikiro cha Top Rated chimafuna 90 kapena kuposa, pamenenso eni ntchito akhoza kusefa ofuna ganyu n'kuona okhawo a 80 kapena 90 kupita m'mwamba. Wa 60 saoneka n'komwe.

Pali zinthu ziwiri zimene zimaipitsanso nkhani ya ntchito zotchipa. Choyamba, ntchito ya ndalama zambiri imalemera kwambiri pa chiwerengerochi kuposa ya ndalama zochepa, ndipo kugwira ntchito nthawi yaitali ndi munthu mmodzi kumachikweza. Choncho tintchito khumi ta madola asanu sitimanga mbiri monga mmene anthu amaganizira. Chachiwiri, nyenyezi zimene mumaziona si zokhazo zimene zimawerengedwa. Ntchito ikatha, mwini wake amafunsidwanso mwachinsinsi, ndipo yankho lakelo inu simuliona. Akhoza kukupatsani nyenyezi zisanu poyera chifukwa cha manyazi, kuseri n'kukuponderezani. Tsono ganizirani: ndani amene amakhala wosakhutira kawirikawiri? Ndi uja wofuna ntchito ya masiku atatu pa madola 10. Wofuna zambiri pa mtengo wochepa sakhutira, ngakhale mutagona pa laputopu. Musanafunsire, werengani zimene amene anamugwirirapo ntchito analemba za iye, ndi nyenyezi zimene iye amapereka kwa anthu. Ngati amakonda kupereka zitatu, inunso adzakupatsani zitatu.

Ife a kuno tili ndi chifukwa china chosamalira. Ntchito yolembedwa kuti ikufunika m'maola awiri ndi msampha kwa munthu amene laputopu yake imadalira sola m'mwezi wa Januwale, kapena amene netiweki imamuthawa mvula ikagwa. Tonse tikukumbukira mmene magetsi anavutira m'dziko muno mu 2024 madzi atachepa ku Kariba. Mwini ntchito wa ku Ulaya sadziwa za Kariba ndipo safuna kudziwa. Iye amaona kuti mwachedwa, n'kulemba zimene walemba. Ntchito ya masiku asanu imene mungaichite popanda intaneti n'kuitumiza usiku ndi yoyenera ife kuposa ya changu, ngakhale ya changuyo italipira kawiri.

Tikudziwa zimene ena ayankhe. Ati woyamba kumene alibe chosankha, ayenera kuyambira penapake. N'zoona, koma penapake si paliponse. Amene ali ndi Connects 50 ali ndi makalata anayi chabe. Awaponye pamene ali ndi chimene ena alibe. Munthu wa ku Manila kapena ku Dhaka akhoza kukopera manambala mofulumira kuposa ife, koma sangamve mayi wa ku Egichikeni akufotokoza za mbewu ya nshawa. Ntchito za zilankhulo zathu sizituluka tsiku lililonse, ndipo kudikira kumawawa. Koma kudikira sikudya Connects. Ndiponso mwini ntchito akakupezani yekha n'kukuitanani, kuyankha n'kwaulere, choncho ola limene mwathera kulemba bwino mbiri yanu, ndi mawu enieni amene iye angafufuze monga Nyanja, Chichewa ndi Tumbuka, limabweza kuposa makalata khumi oponyedwa mwachisawawa. Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada.

Enanso ati kulipiritsa kumathandiza, chifukwa kumachepetsa makalata opanda pake amene amakwirira eni ntchito. Pamenepo pali choonadi. Koma tisanamizane kuti mtolowo umalemera mofanana. Masenti 15 ndi amodzimodzi ku Texas ndi ku Magodi, pamene thumba limene akuchokera si limodzi. Ndipo kampani imalandira ndalama pa kalata iliyonse, yowerengedwa ndi yosawerengedwa yomwe. Ife tikuti mwini ntchito akalengeza n'kusowa osalemba munthu, Connects onse azibwezedwa, pakuti ofunsirawo analipira kulowa mumsika umene munalibe wogula. Kufikira tsiku limenelo, amene angatiteteze ndi pensulo yathu.

Choncho kwa inu amene mumaphunzitsa achinyamata za maganyu a pa intaneti, m'magulu a WhatsApp ndi m'timakalasi ta ku boma, tikupempha chinthu chimodzi. Musanawaphunzitse kulemba kalata yokoma, aphunzitseni kuwerengera kuja: mtengo wa kalata imodzi, kuchulukitsa ndi maulendo amene ayenera kufunsira kuti apate ntchito imodzi, n'kuyerekeza ndi ndalama imene idzatsale m'manja. Ngati yankho likuposa malipiro, atseke tsambalo. Ndipo ngati mwini ntchitoyo ali ndi mbiri yodandaula, alitseke ngakhale masamu atalola, chifukwa dola yotayika imabwerera msanga kuposa mbiri yoipitsidwa.